Kutseka, kufufuta ndi kusamutsa tikiti: mphamvu izi zisagawidwe potengera kukula kwa mpando

M'magulu amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu olondolera ntchito, monga Jira, GitHub kapena Trello, muli mkangano umene sukalamba. Umabuka tikiti, ndiye kuti cholembedwa cha ntchito imodzi kapena vuto limodzi, ikasowa mosadziwika bwino, kapena munthu akapeza dzina lake pa ntchito imene sanaimvepo. Ena amati aliyense apatsidwe mphamvu zonse, popeza tonse ndife akuluakulu ndipo tiyenera kukhulupirirana. Ena amati ayi, chilichonse chizidzera kwa bwana. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zaphonya pamalo amodzi: zikugawa zilolezo poyang'ana munthu, pamene zinayenera kuyang'ana chochitikacho. Pa batani lililonse tizifunsa ngati chimene lachita chingabwezedwe, ngati chimasiya chizindikiro choti wina n'kutsatira, ndiponso amene avutike chikalakwika. Tikafunsa chonchi, mayankho ake satuluka ofanana. Wogwira ntchito aliyense aloledwe kunena kuti wamaliza, koma kutseka kwenikweni kukhale kwa amene anapempha ntchitoyo. Kufufuta kuchotsedwe m'manja mwa pafupifupi aliyense, bwana yemwe. Kusamutsa ntchito kukhale komasuka pamene munthu akudzitengera yekha, koma kokhwima pamene akuikankhira kwa mnzake.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, tiyerekeze gulu limene limasamalira pulogalamu yotulutsa malisiti. Munthu wa ku ofesi ya zachuma walemba tikiti nambala 214, kudandaula kuti malisiti ena akutuluka ndi deti la dzulo. Wolemba mapulogalamu wafufuza ndipo wapeza gwero: seva ikuwerenga nthawi ya `UTC`, imene mayiko onse amayezerapo nthawi zawo, pamene ofesiyo ili patsogolo ndi maola atatu. Choncho lisiti lililonse lotuluka pakati pa 12 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha limalembedwa tsiku lapitalo. Wakonza deti looneka pa kompyuta, wayesa cha m'ma 10 koloko m'mawa, zonse zili bwino, watseka tikiti. Koma 10 koloko m'mawa nthawi ziwirizi zimakhala pa deti limodzi, ndiye kuyesa kwakeko sikukanaonetsa vuto ngakhale akanapanda kukonza kanthu. Kuwonjezera apo, lisiti losindikiza pa pepala limatenga deti lake kwina, kumene iye sanakhudzeko. Vuto likadalipo, koma pa mndandanda wa ntchito zotsala silikuonekanso. Lidzatulukira kumapeto kwa mwezi, malisiti a pa 1 atawerengedwa m'mwezi wapitawo.

Wolemba mapulogalamuyu sananame ndipo si waulesi. Anayankha moona funso limene iye angathe kuyankha, loti kodi ndachita zimene ndimaganiza kuti zikufunika. Funso loti kodi vuto latha angaliyankhe ndi amene anali ndi vutolo, chifukwa iyeyo akanatenga lisiti la usiku, la papepala, n'kuyang'ana deti. N'chifukwa chake ndikuti kutseka kugawidwe pawiri. Nzeru imeneyi si yachilendo. Bugzilla, pulogalamu ina yolondolera ntchito imene a Mozilla anaitulutsa mu 1998, imasiyanitsa `RESOLVED`, pamene wokonza wanena kuti wamaliza, ndi `VERIFIED`, pamene wina watsimikiza. Jira nayo ili ndi zilolezo ziwiri zosiyana, `Resolve Issues` ndi `Close Issues`, ndipo chilolezo chikhoza kuperekedwa kwa `Reporter`, ndiye kuti kwa yense amene analemba tikitiyo, posayang'ana udindo wake.

Tsono a gulu lokhulupirirana amatsutsa, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Amati zilolezo zokhwima zimachedwetsa ntchito: munthu wamaliza Lachiwiri, tikiti ikhala mpaka Lachisanu kudikira munthu amene ali pa msonkhano. Amatinso mukamangira anthu manja amaleka kusamalira mndandanda, aliyense amangoti si zanga, ndipo zokambirana zenizeni zimathawira ku mauthenga apambali kumene kulibe mbiri. Zonsezi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikufuna kuti batani lonena kuti ndamaliza litsekeredwe aliyense. Kutseka ndi chinthu chotsika mtengo kuchibweza. Tikiti yotsekedwa ikadalipo, mbiri yake ikuonetsa amene anatseka ndi nthawi yake, ndipo kutsegulanso ndi kudina kamodzi. GitHub inazindikira zimenezi pamene inabweretsa udindo wa `Triage` mu 2019: munthu wa udindowu amatha kutseka, kutsegulanso ndi kugawa matikiti ngakhale alibe chilolezo chosintha khodi. Komabe kukhulupirirana sikuyankha nkhani ya tikiti 214. Palibe amene anakayikira mtima wa wokonza uja. Chimene chinasowa ndi maso achiwiri a munthu wodziwa mmene vuto limaonekera. Ndipo nkhawa ya kuchedwa ili ndi mankhwala osafuna kuphwasula dongosolo lonse: gulu ligwirizane kuti tikiti yonenedwa kuti yatha ikakhala masiku 7 kapena 14 wopempha osayankha, izitsekeka yokha, koma wopemphayo akhalebe ndi mphamvu yoitsegulanso. Ntchito imene munthu anadzilembera yekha azitseka yekha, palibe chodikira.

Kumbali inayo kuli oti bwana yekha ndiye azitseka. Mfundo yawo ndi yakuti bwana ndi amene amafunsidwa zinthu zikalakwika, choncho ziwerengero za ntchito zomalizidwa ziyenera kudutsa m'manja mwake. Amaopanso anthu otseka matikiti mothamanga kumapeto kwa sabata kuti lipoti lioneke bwino, ndipo manthawa ali ndi maziko. Koma taganizirani bwana amene wapeza matikiti 40 akumudikira Lachisanu masana. Satenga lisiti la usiku n'kuyang'ana deti. Awerenga mutu, aona kuti wokonza walemba kuti zatheka, adina. Dzina lake lalowa m'mbiri ngati wotsimikiza, pamene sanatsimikize kanthu, ndipo izi n'zoipa kuposa kusakhala ndi wotsimikiza n'komwe, chifukwa wodzawerenga pambuyo pake adzakhulupirira kuti ntchitoyo inaonedwa. Pali mtundu umodzi wokha wa kutseka umene ndikuvomera kuti ndi wa mtsogoleri: kutseka ntchito imene gulu lasankha kusaichita. GitHub imasiyanitsa `Close as completed` ndi `Close as not planned`, ndipo Bugzilla ili ndi `WONTFIX`. Kunena kuti izi sitichita ndi kugamula za nthawi ndi mphamvu za gulu, choncho kukhale kwa amene amasanja ntchito zoyamba ndi zotsatira, ndipo alembe chifukwa chake. Wokonza asamakane yekha ntchito imene yamukwana pongoitseka.

Pali misampha iwiri pano imene imakola ngakhale magulu amene anagwirizana bwino. Woyamba uli mu Jira. Chilolezo cha `Close Issues` pachokha sichitchinga njira iliyonse yopita kumapeto. Chimagwira ntchito ngati pa sitepe yotsekayo mwaikidwa lamulo loyang'ana chilolezocho. Gulu likajambula lokha ndondomeko yake ya masitepe n'kuiwala lamuloli, aliyense wokhala ndi `Transition Issues` akhoza kukokera tikiti ku `Done`, ngakhale pa tsamba la zilolezo zikuoneka ngati zakhwima. Njira yodziwira ndi kulowa ngati membala wamba n'kuyesa kutseka tikiti ya munthu wina. Msampha wachiwiri uli pa GitHub, pamene mawu ochepa olembedwa pofotokoza kusintha kwa khodi amatseka tikiti okha kusinthako kukangolowa mu nthambi yaikulu, ndiye kuti kope lalikulu la khodi ya pulogalamuyo:

```
Fixes #214
```

Wolemba mzerewu watseka tikiti 214 popanda kukhudza batani lililonse. Ngati gulu likufuna kuti wopempha ayambe waona, wokonza angotchula nambalayo popanda mawu ngati `Fixes`, `Closes` kapena `Resolves` patsogolo pake. Matikiti alumikizana ndithu, koma osatsekeka.

Tifike pa kufufuta, pamene ndikuumitsa khosi kwambiri. Tibwerere ku gulu lathu lija. Patapita masiku, munthu wina amene sakudziwa za 214 walemba tikiti 231 ya vuto lomweli, ndipo waikapo chithunzi cha lisiti losindikizidwa. Wina wokonda ukhondo waona kuti nkhaniyi ilipo kale ndipo inatsekedwa, wafufuta 231. Zimene zapita pamenepo ndi zambiri kuposa mmene iye akuganizira. Chapita chithunzi chokhacho chimene chikanaonetsa kuti vuto lili pa pepala. Wapita umboni woti vutolo linaonekanso pambuyo pa kukonza. Wolemba 231 uja akadzatsegula linki yake adzapeza tsamba lopanda kanthu, ndipo sadziwa ngati dandaulo lake linakanidwa, linasamutsidwa kapena wangolandidwa chilolezo choliona. Pa GitHub anthu salandira uthenga uliwonse tikiti ikafufutidwa. Madzi akatayika sawoleka: njira yokhayo yobwezera nthawi zambiri ndi kope losungidwa la nkhokwe yonse ya matikiti, ndipo palibe amene angabweze gulu lonse ku dzulo chifukwa cha tikiti imodzi.

Opanga mapulogalamuwa amadziwa zimenezi, ndipo mapangidwe awo amaonetsa. Pa maudindo asanu a GitHub, `Read`, `Triage`, `Write`, `Maintain` ndi `Admin`, womaliza yekha ndiye angafufute tikiti, ndipo m'bungwe mwini wake ayenera kuyamba walola zimenezo. Trello imakutsogolera ku `Archive`, kumene khadi limachoka pamaso koma likhoza kubwezedwa. Ngakhale akatswiri amapunthwa pa kusiyana kumeneku. Mu Epulo 2022 kampani ya Atlassian, eni ake a Jira, inafufuta mwangozi masamba a makasitomala pafupifupi 775 pamene kapulogalamu koyeretsera kanapatsidwa manambala olakwika n'kufufutiratu zinthuzo, ndipo ena anadikira pafupifupi milungu iwiri kuti zawo zibwerere. Nkhaniyo sinali ya batani la pa tikiti, koma ikuonetsa kuti ngozi ya kufufuta siidikira munthu woipa mtima. Imangofunika munthu wotsimikiza kuti akuyeretsa.

Otsutsa amati mndandanda wodzaza matikiti obwereza, oyesera ndi olakwika umasokoneza, ndipo munthu amataya nthawi kufunafuna chenicheni. Ndikuvomera kuti umasokoneza. Koma chimene akufuna ndi kuti zinthuzo zichoke pamaso, ndipo kutseka kumachita zimenezo. Tikiti 231 inayenera kutsekedwa ngati yobwereza n'kulumikizidwa ku 214, monga Bugzilla imachitira ndi `DUPLICATE`. Wotsegula 214 akanaona kuti wina wadandaulanso, akanaona deti la dandaulolo ndi chithunzi chija. Matikiti obwereza ali ndi phindu linanso limene oyeretsa amaiwala: anthu asanu akalemba vuto limodzi, ndiye kuti vutolo ndi lalikulu, ndipo aliyense walilemba ndi mawu ake, zimene zimathandiza wachisanu ndi chimodzi kulipeza akamafufuza.

Mfundo yovuta kwambiri kuiyankha ndi ya zinthu zimene siziyenera kukhala mu tikiti n'komwe. Wina wamata pasiwedi ya seva mu ndemanga. Wina waika chikalata chokhala ndi mayina ndi manambala a makasitomala. Apa kufufuta n'kofunikadi, ndipo n'chifukwa chake sindikuti mphamvuyi ithetsedwe. Ndikuti ikhale kwa anthu awiri, kuti mmodzi akachoka wina alipo, ndipo asanafufute azilemba penapake nambala ya tikiti, amene wapempha ndi chifukwa. Koma onaninso kuti kawirikawiri chofunika kuchotsa ndi ndemanga imodzi kapena chikalata chimodzi, osati tikiti yonse. Jira ili ndi `Delete Own Comments` ndi `Delete Own Attachments` padera pa `Delete Issues`, ndipo ziwiri zoyambazo zikhoza kuperekedwa kwa aliyense popanda mantha aakulu, kuti wolakwitsa achotse msanga cholakwa chake. Za pasiwedi ija, kufufuta sikukwanira. Pamene ndemanga inalembedwa, mauthenga a imelo akhoza kukhala atapita kale kwa onse otsatira tikitiyo, mawu onse ali momwemo. Pasiwediyo isinthidwe basi. Munthu amene wafufuta n'kupuma kuti nkhani yatha wangobisa chizindikiro choti pasiwedi inatuluka.

Nanga bwana bwanji asakhale ndi batanili? Chifukwa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku sililifuna. Mfundo yoti munthu apatsidwe mphamvu zokhazo zimene ntchito yake ikufuna inalembedwa momveka ndi Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder mu 1975, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo chinali kuchepetsa kuwonongeka kobwera ndi ngozi kapena kulakwitsa. Palinso chifukwa china chimene anthu sakonda kuchitchula. Mndandanda wa ntchito ndi mbiri ya zimene gulu linalonjeza ndi zimene linachedwa, ndipo munthu amene mbiriyo ikumuyeza asakhale ndi mphamvu yochotsamo masamba. Izi zimateteza bwana yemweyo, chifukwa tikiti ikasowa palibe angamuloze chala.

Kusamutsa ntchito ndi kumene anthu ambiri amakuona ngati kopanda vuto. Amati n'kobwezeka, mbiri imasunga, ndiye aliyense achite. Pa mafunso awiri oyamba aja akunena zoona. Koma funso lachitatu, loti avutike ndani, likupereka yankho lina. Tikiti 214 yatsegulidwanso. Wokonza uja tsopano ali ndi ntchito ina yothina, ndiye wasintha dzina n'kuika la mnzake amene ali pa tchuthi. Kuyambira pamenepo tikiti ikuoneka ngati ili ndi mwini wake. Sikupezeka pa mndandanda wa ntchito zopanda munthu, umene wogawa ntchito amayang'ana m'mawa uliwonse, ndipo sikupezekanso pa mndandanda wa wokonza woyamba. Wa zachuma akaitsegula aona dzina n'kudekha. Tikiti yopanda dzina bola, chifukwa imaitana munthu. Yokhala ndi dzina la munthu amene sakudziwa za iyo imakhala chete mpaka mwezi kutha. Dzinalo likhoza kubwezedwa, koma masiku otayikawo ayi.

Choncho ndimasiyanitsa zinthu zitatu zimene batani limodzi limachita. Kudzitengera ntchito yopanda mwini kukhale kwa aliyense, chifukwa wolonjeza ndi wosenza ndi munthu mmodzi. Kutula ntchito imene wailephera kukhalenso kwa aliyense, koma aziibweza ku mndandanda wa zopanda mwini, ndi ndemanga yonena pamene wafika, mwachitsanzo kuti deti la pa kompyuta lakonzedwa, la papepala ayi. Kuika dzina la munthu wina, kapena kulanda ntchito imene ili kale m'manja mwa wina, kukhale kwa wogawa ntchito, amene akudziwa wodwala, wa pa tchuthi ndi wolemedwa kale. Wogawayu safunika kukhala bwana. Ukhoza kukhala udindo wosinthana sabata ndi sabata. Mu Jira pali `Assign Issues`, chonena amene angagawe, ndi `Assignable User`, chonena amene angapatsidwe. Kupereka choyambacho kwa wogawa yekha, kenako n'kuika `Assign to Current User` pa sitepe yoyambira ntchito, ndi njira imodzi yolola munthu kudzitengera popanda kumupatsa mphamvu yokankhira ena.

Wina anganene kuti anthu awiri akagwirizana pakamwa kuti uyu atenge ntchito ya uyo, kudikira wogawa ndi kutaya nthawi chabe. Ndikugwirizana naye, ndipo dongosolo ili silikuwaletsa: woyamba atule, wachiwiri adzitengere. Mbiri ionetsa kuti wolandirayo anadina yekha, umene ndi umboni woti anavomera. Pamene pulogalamu singathe kusiyanitsa zitatuzi, monga pa GitHub pamene wa `Triage` amagawa kwa aliyense woyenera, zimatsalira pangano la gulu, ndipo pangano limafuna kuliyang'anira. Chizindikiro chosavuta ndi tikiti imene yasintha dzina katatu popanda ndemanga ya ntchito pakati pake. Tikiti yotere nthawi zambiri ndi yosamveka kapena ndi ntchito ziwiri zomangidwa pamodzi, monga 214 inalili, ndipo chofunika ndi kuigawa, osati kufuna munthu wachinayi.

Mfundo yomaliza imene ndimaimva ndi ya magulu ang'onoang'ono: tilipo anayi, tonse timadziwana, zonsezi n'zochulutsa. Pa kutseka ndi kusamutsa ndikhoza kuwalolera kuti zikhale pangano la pakamwa, chifukwa anthu anayi amaonana tsiku lililonse ndipo cholakwika chimaoneka msanga. Pa kufufuta sindisuntha. Gulu laling'ono ndi limene kawirikawiri lilibe kope losungidwa limene linayesedwapo kubwezeretsa, ndiponso ndi limene aliyense anapatsidwa mphamvu zonse tsiku loyamba kuti ntchito iyambe msanga. Gulu likamakula, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi amangopatsidwa zofanana ndi anzawo, ndipo wochoka amaiwalika pa mndandanda. N'chifukwa chake zilolezo ziperekedwe ku udindo, monga wopempha, wokonza, wogawa ndi woyang'anira pulogalamu, kenako anthu aikidwe m'maudindowo, kuti wina akachoka pakhale malo amodzi omuchotsa. Kamodzi pa miyezi itatu wina atsegule tsamba la zilolezo n'kuwerenga mayina a onse amene angafufute. Akapitirira awiri, otsalawo afunsidwe ntchito imene anafufuta komaliza ndi chifukwa chimene kutseka kukanalepherera.